Tofu wanga wa mandimu sakugwirana, ndikulakwitsa pati?

Funso: "Ndinamva kuti tofu, chakudya chija choumbidwa kuchokera ku mkaka wa soya, munthu utha kupanga wekha pakhomo ndi soya ndi mandimu basi. Ndinaviika soya makapu awiri, ndinasinja mumtondo, ndinathira madzi poto yodzadza nkusefa, kenako ndinawiritsa. Nditaphula ndinadikira kuti uzizire kaye, ndiye ndinathira mandimu onse nkutakasa kwambiri. Zinatuluka tinyenyeswa tating'onoting'ono todutsa pansalu, madzi ake oyera ngati mkaka, komanso zowawasa. Kodi vuto ndi soya wathu wa kuno kapena mandimu sakwanira, pakufunika mankhwala ena?"

Mayi, soya wathu alibe mlandu, ndipo mandimu amakwanira bwinobwino, musavutike nkusaka mankhwala. Soya yemweyu wa ku Mchinji, Kasungu, Ntchisi kapena Dedza, kaya ndi Tikolore kaya Makwacha, amatulutsa tofu wabwino bola akhale wouma, wosakazinga komanso wosakhalitsa. Pa zomwe mwafotokozazi ine ndikuonapo zinthu zitatu zomwe zinakumana tsiku limodzi: mkaka unali wamadzimadzi, unazizira musanathire mandimu, ndipo munautakasa pa nthawi yomwe umafuna kusiyidwa phee. Chachikulu pa zonsezi ndi kutentha, ndiye ndiyambe ndi chomwe chimachitika mupotomo kuti muone chifukwa chake.

Mkaka wa soya ndi madzi omwe muli timapuloteni tating'ono kwambiri tikuyandama, pamodzi ndi mafuta a soya. Timapuloteni timeneti timakankhana tokhatokha, nchifukwa chake sitikhala pansi. Mukawiritsa, kutentha kumatifunyulula nkutisiya tokonzeka kugwirana. Mukathira chowawasa ngati mandimu, kukankhana kuja kumatha, ndiye timakumbatirana nkupanga mibulu, mafuta ndi madzi ena nkutsekeredwa mkati. Zili ngati mmene mkaka wa ng'ombe umasandukira chambiko, kungoti apa zimachitika mu mphindi zochepa. Koma kugwirana kumeneku kumayenda bwino mkaka ukakhala pa madigiri 70 mpaka 80. Ukatsika nkufika pofunda chabe, mibulu yake imakhala ya nyenyenye ndipo mapuloteni ambiri amatsalira m'madzi, nchifukwa chake madzi anu anakhalabe oyera. Ndiye munthu ukaona sizikutheka umawonjezera mandimu, basi kuwawasa kuja nkubwera. Kutakasa mwamphamvu nako kumaphwanya timibulu tomwe tinayamba kugwirana, ndipo tikaphwanyika sitibwereranso mmene tinalili.

Tiyeni tiyende ndi soya wa magalamu 500, theka la kilo, omwe ndi makapu atatu osadzadza kwenikweni a kapu ya tiyi ija yapakatikati.

Posankha soya onetsetsani kuti si wokazinga. Ambirife tinazolowera kukazinga soya kaye tisanapite naye kuchigayo chifukwa cha phala, ndipo pa phala ndi zoyenera, koma soya wokazinga kapena ufa wake sungapangire tofu olo utachita bwanji, mapuloteni ake amakhala atapsa kale, sasungunukanso m'madzi. Chimodzimodzi kuwiritsa soya musanasinje. Pali njira ina yomwe anthu amaphunzitsidwa popanga mkaka wakumwa, yoti uwiritse kaye soya mwina ndi kasoda pang'ono kuti fungo la uwisi lichoke, njira imeneyo pa tofu musayitsate ayi, imachepetsa mapuloteni otuluka, ndipo soda amalimbana ndi mandimu. Chinanso, musagwiritse ntchito mbewu yodzala yomwe inapakidwa mankhwala. Soya wa chaka chino ndiye wabwino, wa chaka chatha makamaka yemwe anasungidwa potentha ndi ponyowa amatulutsa mkaka wopyapyala ndipo tofu wake amachepa.

Petani, chotsani timiyala ndi njere zowola, tsukani, kenako viikani m'madzi ozizira ochuluka chifukwa soya amafufuma kuposa kawiri. M'miyezi yozizira ngati Juni ndi Julaye usiku wonse, maola 10 mpaka 12, zili bwino. Koma mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo maola 6 mpaka 8 akwanira, mukapitirira soya amayamba kusasa. Kuti mudziwe ngati wafika, tengani njere imodzi muyigawe pakati. Mbali ziwirizo zikakhala zosalala mkati, mtundu umodzi mpaka pakati, ndipo zikuthyoka mosavuta ndi chikhadabo, wafika. Pakati pakakhala kadzenje kakuderako ndiye kuti madzi sanalowe, mudikirebe. Mukaona thovu pamwamba pa madzi ndi kafungo kosasa ndiye kuti wapitirira, ndipo mkaka wa soya wotere umatha kudukaduka wokha pamoto musanathire chilichonse. Madzi oviikirawo tayani, mutsukenso. Makoko mutha kuchotsa potikita ndi manja kuti ayandame, koma ine sindiona kuti nkofunika kutayapo nthawi yambiri, amatsala pansalu posefa.

Tsopano muyeso wa madzi, apa ndi pomwe "poto yodzadza" inakupwetekani. Pa theka la kilo la soya wouma madzi onse opera ndi osefera asapitirire malita 4, kutanthauza mabotolo awiri a malita awiriawiri. Makapu anu awiri aja amafuna malita atatu kapena kucheperapo pang'ono. Yezani madziwo muwaike pambali musanayambe, kuti chilichonse chomwe muthire chizichokera pamenepo.

Ngati muli ndi blenda, ikani soya pang'onopang'ono ndi gawo la madzi aja, muzigaya mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka phala lake likhale losalala mukalitikita pakati pa zala. Mtondo umathekanso koma pamafunika mtima wautali. Sinjani soya wochepa nthawi imodzi, osathira madzi ambiri chifukwa amangothawa munsi nkumatalukira panja, ndipo musinje mpaka pasaoneke tizidutswa. Mukasefa koyamba, zotsala pansaluzo zibwezereninso mumtondo musinje kachiwiri, mudzadabwa mkaka womwe ukadatayika. Anthu ambiri osinja mumtondo tofu wawo amachepa chifukwa cha pamenepa, mapuloteni amapita ndi gaga. Kachigayo kamanja kaja kopera nyama kapena chiponde, ngati kalipo, kamathandiza kwambiri.

Posefa gwiritsani nsalu yoyera yathonje yolimba, yochapidwa bwino kuti isamveke sopo, ndibwino kuyiwiritsa kaye. Chitenje chatsopano ayi, chimatha kusuluka. Yalani pa sefa kapena pa beseni, thirani phala lija, mangani kukamwa nkufinya ndi mphamvu zonse. Tsegulani, thirani madzi omwe anatsala aja pa gagayo, kandani, finyaninso. Mupeza mkaka wa malita atatu ndi theka kapena kuyandikira pamenepo. Ena amawiritsa kaye kenako nkusefa zili zotentha, zimatulutsa mkaka wochulukirako pang'ono koma zimawotcha manja, pakhomo ine ndimakonda kusefa zili zozizira. Mukangosefa ikani pamoto nthawi yomweyo, mkaka wa soya wauwisi suchedwa kusasa.

Poto ikhale yaikulu moti mkaka ufike theka basi. Soya amachita thovu loopsa, ndipo amasefukira mwadzidzidzi, mukangotembenuka kuti mutenge mthiko mupeza zonse zili pambaula. Muzitakasa mpaka pansi kuti usapserere, chifukwa fungo lopserera likalowa silichoka ndipo lidzamveka mu tofu yense. Thovu likakwera chepetsani moto kapena muwaze timadzi tozizira pang'ono, muliwaule ndi chipande. Dziwaninso kuti thovu limayamba kukwera mkaka usanawire kwenikweni, ndiye musapusitsike nkuphula. Ukawira zenizeni, usiyeni ukubwata pamoto wochepa kwa mphindi 10 mpaka 15. Izi si za tofu yekha komanso za mimba yanu: soya wauwisi ali ndi zinthu zomwe zimatchinga thupi kugaya mapuloteni ndipo zimatupitsa kapena kutsegula m'mimba, kuwiritsa mokwanira ndi komwe kumazithetsa mphamvu. Fungo la nyemba zauwisi likachepa nkuyamba kumveka kafungo kokoma, ndiye kuti zapsa.

Mkaka uli pamoto choncho konzani mandimu. Pa muyeso wathuwu finyani madzi a mandimu okwana masupuni aakulu 7 kapena 8, omwe ndi mamililita 100 mpaka 120, nthawi zambiri mandimu anayi kapena asanu kutengera kukula kwake ndi madzi ake. Sefani njere ndi zamkati, kenako sakanizani ndi kapu imodzi ya madzi ofunda. Kusungunula kumeneku anthu amakudumpha koma nkofunika, mandimu okhaokha akagwera malo amodzi amaumitsa pamenepo nthawi yomweyo, kwina nkutsala mkaka. Ndipo mukumbukire kuti muyesowu ndi wongoyambira, mandimu amasiyana ukali, ena okhwima kwambiri achikasu ndi ofatsa kusiyana ndi obiriwira, ndiye mwina simudzawamaliza onse kapena mwina mudzafuna limodzi lowonjezera. Khalani nalo pafupi.

Phulani poto, muzitakasa pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu mpaka zisanu. Ngati muli ndi choyezera kutentha, dikirani chifike cha m'ma 75 mpaka 80. Ngati mulibe, yang'anani izi: kubwata kwasiyiratu, nthunzi ikutulukabe yambiri, mukasiya kutakasa kakhungu kopyapyala kakuyamba kuyala pamwamba, ndipo chala simungayerekeze kuviikamo. Ngati chala chikupirira ndiye kuti mwachedwa, bwezerani pamoto. Kuthira mandimu mkaka ukuwira nakonso si bwino, zimagwirana mwachangu kwambiri nkutulutsa tofu wouma, wamchengamchenga.

Mandimu aja agaweni patatu. Takasani mkaka mozungulira kasanu kapena kasanu nkamodzi kuti uziyenda, thirani gawo loyamba ukuyenda choncho, kenako imikani mthiko chilili pakati pa poto kuti mkaka uime. Gawo lachiwiri muwaze pamwamba ponse pogwiritsa ntchito kumbuyo kwa supuni, vundikirani, musiye mphindi zitatu osakhudza. Mukavundukula mudzaona zayamba kupatukana, mibulu yoyera yofewa ndi madzi pakati pake. Tsopano apa ndi pomwe mphunzitsi wanu ndi madziwo, osati muyeso womwe ndakupatsani. Kanikizani pamwamba ndi chipande pang'ono madzi alowemo, muwayang'ane. Akakhala oyera ngati mkaka, mapuloteni adakalimo, wazani gawo lachitatu pang'onopang'ono makamaka malo omwe akuoneka amkaka, muzisuntha pamwamba pokha mofatsa, ndipo musaiwale m'mbali ndi pansi pa poto pomwe mkaka umakonda kubisala. Vundikiraninso. Madzi akasanduka oonekera, achikasu pang'ono, lekani pomwepo olo mandimu atatsala m'kapu. Alaweni madziwo: akuyenera kumveka ofatsa, mwina kakuwawasa kakutali. Akamaluma lilime ndiye kuti mandimu achuluka.

Ndiye vundikirani musiye mphindi 10 mpaka 15, mutha kufunditsa poto ndi nsalu ngati kukuzizira. Osatakasa, osasuntha poto.

Tinene kuti mwathira mandimu onse koma madzi adakali oyera. Musathamangire kufinya ndimu lina. Bwezerani poto pamoto wochepa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu osatakasa, nthawi zambiri mudzaona zikupatukana zokha pamaso panu chifukwa chomwe chimasowa chinali kutentha. Zikakanika apo ndi pomwe muwonjezere supuni imodzi imodzi. Zomwe munapanga tsiku lija mwina zikadapulumuka ndi moto womwewu.

Poumba simufunika bokosi lapadera. Sefa yapulasitiki, kabasiketi, kapena kontena ya majarini yomwe mwaiboola timabowo pansi ndi m'mbali ndi msomali wotentha, zonsezi zimagwira. Yalani nsalu yonyowa, yambani mwatunga madzi apamwamba ndi kapu, kenako tengani mibuluyo ndi chipande mofatsa muziyala. Osakhuthula poto yonse kamodzi. Chitani izi zidakali zotentha, chifukwa mibulu yozizira simamatirana, imangoyoyoka podula. Pindirani nsalu pamwamba bwinobwino popanda makwinya ambiri, ikani mbale kapena kathabwa kolowa mkati, nkutsikiza. Yambani ndi cholemera pang'ono, ngati botolo la lita imodzi, kwa mphindi zisanu, kenako muike botolo la malita awiri lodzadza madzi kapena mwala wotsuka wolemera chimodzimodzi kwa mphindi 20 mpaka 30. Mukayamba ndi chimwala chachikulu kunja kumatsekeka msanga madzi nkutsekeredwa mkati, komanso zina zimatulukira m'mabowo a nsalu. Mukafuna wolimba woti mukazinge onjezani nthawi ifike mphindi 40 kapena kuposerapo. Mukadina ndi chala nkumabwerera ngati mnofu wapachikhatho, wafika.

Mumize m'madzi ozizira oyera adakali munsalu, mumasule ali m'madzi momwemo, musiye mphindi 15 kapena 20. Amalimba bwino ndipo kuwawasa kotsala kumatuluka. Ngati munapyoza muyeso wa mandimu, sinthani madziwo kawiri kapena katatu, zimathandiza ndithu ngakhale kuuma kwake sikubwerera.

Pa theka la kilo la soya yembekezerani tofu wa magalamu 600 mpaka 750. Mukapeza wochepera theka la kilo, bwererani mukaone kasinjidwe, msinkhu wa soya, kapena ngati madzi omwe munataya anali oyera. Ndikuuzeninso zoona kuti tofu wa mandimu sakhala wosalala ngati wa m'mapaketi, amakhala wolimbirako ndi wokhakhala pang'ono. Ku China ambiri amagwiritsa ntchito jipisamu wodyedwa, ufa woyera wochokera ku mwala, womwe umagwira pang'onopang'ono nkusunga madzi ambiri, ndiye tofu amatuluka wofewa, wochuluka komanso wokhala ndi kashiamu wambiri. Ku Japan amakonda nigari, madzi owawa omwe amatsala akachotsa mchere m'madzi a m'nyanja yamchere. Zonsezi nzachilengedwe, kungoti kwathu kuno sizipezeka wamba. Chonde musatenge jipisamu wa kuhadiweya kapena wa m'munda, ameneyo sanayeretsedwe kuti adyedwe. Ndipo ngati wina akudalira tofu kuti apeze kashiamu, adziwe kuti wa mandimu ali ndi mapuloteni onse bwinobwino koma kashiamu wake ndi wochepa. Kwa ine pa ndiwo zathu za tomato ndi anyezi wa mandimu ndiye woyenera, chifukwa saphwanyika mupoto.

Mandimu akasowa, viniga woyera wa m'sitolo amagwira mofanana, masupuni 6 kapena 7 osungunula m'kapu ya madzi, njira yake yomweyo. Bwemba nayenso amatheka, kumpoto kwa Nigeria komwe tofu amamutcha awara amayi ambiri amagwiritsa ntchito madzi a bwemba, ena madzi osasa oviikira chimanga omwe akufanana ndi matsukwa athu. Bwemba mumuviike m'madzi ofunda, mufinye, musefe bwino, koma tofu wake amaderako mtundu. Zoterezi ukali wake sufanana tsiku ndi tsiku, ndiye palibe muyeso wa supuni, mumangothira pang'onopang'ono mukuyang'ana madzi aja, ndipo muzitenthetse kaye kuti zisaziziritse mkaka popeza zimalowa zambiri.

Njira yomwe ndimaikonda kwa munthu wofuna kumapanga kawirikawiri ndi ya ku Indonesia ndi Vietnam. Madzi achikasu otsala aja osataya onse, sungani lita imodzi kapena awiri m'botolo loyera lovundikira ndi nsalu kwa tsiku limodzi kapena awiri. Amasasa okha, ndipo ndi omwewo mudzagwiritse ntchito ulendo wotsatira m'malo mwa mandimu, mwina makapu atatu kapena anayi, otenthetsa. Popeza kuwawasa kwake nkofatsa, mibulu imabwera pang'onopang'ono, tofu amatuluka wofewa kuposa wa mandimu ndipo samveka ndimu. Akhale ndi fungo losasa loyera. Akachita nkhungu, kunanda kapena kununkha chowola, tayani muyambirenso ndi mandimu.

Gaga wotsala pansalu uja ndi chakudya, koma kumbukirani kuti munasefa zosaphika, ndiye ndi wauwisi. Muphikeni kapena mumukazinge mpaka apse musanadye. Amalowa bwino mu chigumu, zitumbuwa ndi mandasi, gawo limodzi la gaga pa magawo atatu a ufa. Nkhuku ndi nkhumba nazonso muziphikire kaye, ndipo asagone osaphika chifukwa amawola msanga kwambiri.

Kasungidwe ndi komwe ndikufuna musamale, tofu wapakhomo alibe mankhwala otetezera. Mufiriji musunge womira m'madzi oyera mu kontena yotseka, muzisintha madzi tsiku lililonse, ndipo adyedwe pasanathe masiku atatu kapena anayi. Magetsi akazima nthawi yaitali muphikeni tsiku lomwelo. Ngati mulibe firiji pangani woti mudye lero, wotsala mumukazinge kapena mumuwiritse m'madzi amchere kwa mphindi 10, ndipo mawa lake mumutenthetsenso bwino musanadye. Akayamba kuterera mukamukhudza, madzi ake kuchita mbuu, kapena kununkha kosasa komwe kunalibe dzulo, ameneyo ndi wotaya, kukazinga sikungamukonze. Mufiriza amakhala nthawi yaitali, koma akasungunuka amachita timabowo mkati, mumangomufinya ndipo amamwa msuzi kwambiri, ena amamukonda choncho.

Pophika koyamba, dulani timabokosi tokula ngati chala chachikulu, viikani m'madzi otentha amchere kwa mphindi 10 kuti mchere ulowe, pukutani ndi nsalu kuti aume, kenako kazingani m'mafuta otentha bwino osatembenuzatembenuza mpaka mbali imodzi ifiire nkudzimatula yokha pa poto. Msuzi wa tomato ndi anyezi mupange padera, tofu mumuike kumapeto abwate mphindi zisanu basi. Ulendo uno yambani ndi makapu anu awiri omwe aja, madzi malita osapitirira atatu, mandimu masupuni 5 kapena 6 m'kapu ya madzi ofunda, ndipo muthire poto isanathe mphindi zisanu chiphulireni.